Kuyankha mafunso a malamulo a kosi: pamene pepala lathera, nanunso lekani

Sabata imene malikisi a asainimenti amatuluka ku koleji, mafunso ambiri sapita kwa amene analemba malamulo. Amapita kwa kalasirepu pa gulu la WhatsApp, kwa mlembi wa dipatimenti amene ali pafupi ndi chitseko, kwa mphunzitsi wothandizira, mwinanso kwa m'bale wa kunyumba amene anamaliza digiri yake kalekale. Anthu amenewa amafunsidwa ndi munthu amene mtima uli m'mwamba, ndipo chifundo chimawakankha kuti anene chinachake chokhazika mtima pansi. Apa ndi pamene mawu akuti "musadandaule, amamvetsa" amatulukira, ndipo ophunzira ena amabwereza kosi chifukwa chodalira mawu amenewa.

Kumayambiriro kwa semesita lekichala amapereka pepala lofotokoza kosi, limene ophunzira amangoti autilaini. Kumapeto kwake kumakhala ndime zingapo zokhudza kuchedwa kupereka ntchito, kukopera zolemba za ena ndiponso kuchita apilo. Kuti nkhani imveke, ndapanga chitsanzo changa cha ndime zitatu, zofanana ndi zimene zimapezeka m'mapepala otere. Si za sukulu ina iliyonse.

Ndime yoyamba ikuti asainimenti yobwera mochedwa idzachotsedwa 5 peresenti pa tsiku lililonse, ndipo yochedwa kupitirira masiku asanu sidzalandiridwa. Ikupitiriza kuti wophunzira amene wadwala angathe kupatsidwa nthawi yowonjezera ngati wapereka chikalata cha kuchipatala tsiku lopereka ntchito lisanafike. Ndime yachiwiri ikuti wopezeka atakopera ntchito ya wina osatchula mwini wake adzapatsidwa ziro pa ntchitoyo, ndipo nkhani yake ingathe kutumizidwa ku komiti yosungitsa mwambo. Yachitatu ikuti wosakhutira ndi malikisi ake alembere mkulu wa dipatimenti pasanathe masiku 7 malikisiwo atatuluka.

Powerenga koyamba zonse zikuoneka zomveka. Mipata imaonekera munthu weniweni akabwera ndi vuto lake lenileni.

Tiyerekeze kuti mnyamata wa chaka chachiwiri amayenera kupereka ntchito Lachisanu 4 koloko masana. Lachinayi usiku analandira uthenga wa maliro a amalume ake, anakwera minibasi kupita kumudzi, ndipo ntchitoyo anaipereka Lolemba 9 koloko m'mawa. Akugogoda pa ofesi ya mphunzitsi wothandizira, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "A Madamu, ndimafuna ndimve nawo. Andichotsera malikisi angati? Komanso poti kunali maliro, si ndiye kuti andikhululukira?"

Mafunso ndi awiri, ndipo onse awiri ali ndi mbali imene pepala layankha ndi mbali imene silinakhudze.

Tiyambe ndi masamu. Tinene kuti ntchito yake ndi ya malikisi 60 pa 100, ndipo wokhoza kosiyi amayenera kufika 50. Pepala likuti 5 peresenti pa tsiku, koma silikunena ngati Loweruka ndi Lamulungu akuwerengedwa. Silikunenanso ngati peresenti imeneyi ndi ya malikisi onse 100 kapena ya 60 amene iye wapeza. Mukawerenga tsiku limodzi lokha la ntchito n'kuchotsa peresenti pa 60, achotseredwa 3, atsala ndi 57. Mukachotsa pa 100, atsala ndi 55. Mukawerenga masiku atatu, Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba, n'kuchotsa pa 60, achotseredwa 9, atsala ndi 51. Koma mukawerenga masiku atatu omwewo n'kuchotsa pa 100, achotseredwa 15, atsala ndi 45, ndiye kuti ntchitoyo walephera. Chiganizo chimodzi chomwecho chabala mayankho anayi, kuyambira 57 kufika 45, ndipo limodzi mwa mayankhowo lagwera kunsi kwa mzere wokhozera.

Munthu wofulumira amangosankha limodzi. Wachifundo amasankha 57, wokhwima mtima amasankha 45, ndipo aliyense wa iwo amalankhula ngati akuwerenga lamulo pamene akunena maganizo ake. Mphunzitsi wosamala amatsegula pepala pamaso pa mnyamatayo, chala chili pa mzere, n'kumuuza kuti, "Achimwene, pepani ndi zovutazo. Chimene chalembedwa apa n'chakuti ntchito yochedwa imachotsedwa 5 peresenti pa tsiku, ndiponso kuti yanuyi ilandiridwa chifukwa masiku asanu sanakwane, kaya tiwerenge motani. Chimene sichinalembedwe n'chakuti masiku a wikendi akuwerengedwa kapena ayi, ndi kuti peresentiyo ikuchoka pati. Amene angalongosole zimenezo ndi a lekichala a kosiyi. Alembereni lero, ndipo muwapemphe kuti akuyankheni polemba."

Taonani kuti yankho limeneli silikusiya munthu ali manja lende. Mnyamatayo wachoka akudziwa chinthu chimodzi chotsimikizika chimene sanachiganizire n'komwe, chakuti ntchito yake sikanidwa. Akudziwanso mafunso awiri enieni oti akafunse, ndi munthu woti akamufunse. Woyankha bwino amafufuza chilichonse chimene pepala likutsimikiza pa kuwerenga kulikonse, n'kuchipereka chonse, asanafike ponena kuti apa pepala lakhala chete. Amene amangoti "sindikudziwa, kafunseni" asanatsegule n'komwe pepalalo sakusamala ayi, akungothawa ntchito.

Nkhani ya maliro ndiyo yolemera kwambiri, chifukwa kwathu kuno palibe amene angadzudzule munthu wopita kukaika amalume ake. Mtima umafuna kunena kuti zimenezi n'zodziwikiratu, maliro ndi aakulu kuposa malungo, ndiye ngati wodwala amamveredwa chisoni, wofedwa angalekerenji. Maganizo amenewa ndi abwino, ndipo ine ndikanakhala wolemba malamulowo ndikanaikamo maliro. Koma pepala latchula matenda okha. Latchulanso chikalata cha kuchipatala, ndi nthawi yoti chikalatacho chifike. Ngakhale kwa wodwalayo, likuti angathe kupatsidwa nthawi, silikuti adzapatsidwa. Mapepala ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, ndipo tikamawafotokoza m'Chichewa pakamwa, kusiyana kwa zimene lekichala akuloledwa kuchita ndi zimene akukakamizidwa kuchita kumasowa mosavuta. Munthu amamva lonjezo pamene pali chilolezo chabe.

Komanso n'kulakwa kumuuza mnyamatayo kuti "maliro sakuloledwa." Pepala silinatero. Kukhala chete kwa pepala sikuloleza ndipo sikuletsa. Amene amati "poti sanaletse ndiye kuti n'zotheka" ndi amene amati "poti sanatchule ndiye kuti n'zosatheka" onse awiri alemba ndime yachinayi imene mwini pepala sanalembe. Zili ngati malire a munda: pamene mzere wa nkhadze wathera, simupitiriza ndi diso lanu n'kuyamba kulima, mumaitana amene ali ndi mphamvu yolozera malire.

Pali chinthu china chimene woyankha ayenera kukumbukira asananene kuti nkhani ina sinalembedwe paliponse. Autilaini ndi pepala laling'ono. Pamwamba pake pamakhala buku la malamulo a ophunzira ndi malamulo a mayeso a sukulu yonse, amene ku yunivesite amavomerezedwa ndi seneti. Kawirikawiri nkhani za zovuta zogwa mwadzidzidzi, kuphatikizapo maliro, zimapezeka m'malamulo akuluakuluwa, ndipo ofesi ya oyang'anira umoyo wa ophunzira imakhudzidwa nazo. Choncho mawu oona ndi akuti "pepala ili silinanene," osati "malamulo sananene." Kusiyanaku kungaoneke kochepa, koma mawu oyambawo amatumiza munthu kukatsegula buku lalikulu, pamene achiwiriwo amamuuza kuti abwerere ku hositelo akagone.

Buku lalikululo liyeneranso kukhala la sukulu imeneyo, la chaka chimenecho. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa: Chanco ya ku Zomba inatsala ndi dzina lakalelo, Poli ya ku Blantyre inasanduka yunivesite payokha ya zamalonda ndi sayansi, ndipo koleji ya madokotala ndi ya anamwino zinapanga Yunivesite ya Kamuzu ya zaumoyo. Iliyonse tsopano ili ndi khonsolo yake ndi seneti yake. M'bale amene anaphunzira zisanagawidwe akamati "ifetu nthawi yathu ankatere," akunena zoona za nthawi yake, koma sangatsimikize za lero. Chimodzimodzi mnzanu wa ku Mzuni, ku Bunda kapena ku Thyolo: zimene zimachitika kwawo ndi nkhani yothandiza kudziwa mafunso oti mufunse, si yankho la pepala lanu. Ngakhale m'dipatimenti imodzi, ma lekichala awiri angathe kulemba ndime zosiyana za kuchedwa.

Tibwere ku ndime yachiwiri, imene imachititsa mantha kuposa zonse. Funso limene limabwera kawirikawiri masiku ano ndi la nambala. Mtsikana waika ntchito yake mu Turnitin, yatuluka 32 peresenti, manambala ali mu kabokosi kachikasu, ndipo akulembera kalasirepu usiku kuti, "Aise, ndiye kuti ndapezeka nditakopera? Akuti malire ndi 20."

Funso loyamba la kalasirepu likhale lakuti, akutero ndani? Mu ndime yathu ija mulibe nambala iliyonse. Mulibe 20, mulibe 25, mulibe dzina la Turnitin. Sukulu zina zimaikadi malire m'malamulo awo, ndipo ngati yanu inaika, nambalayo ipezeke yolembedwa, osati yomveka m'khonde. Chinanso n'chakuti pulogalamuyi siweruza mlandu. Imayeza kuchuluka kwa mawu a mu ntchito yanu amene akufanana ndi mawu opezeka kwina. Ngati lekichala sanaitchere kuti isiye mndandanda wa mabuku ndi mawu ogwidwa moyenera, zonsezo zimalowa mu nambalayo. Funso la asainimenti limene kalasi yonse yalemba pamwamba pa tsamba loyamba limawerengedwanso. N'chifukwa chake ntchito ya 32 peresenti ingathe kukhala yoyera, pamene ya 8 peresenti ingathe kukhala ndi ndime yathunthu yobedwa popanda kutchula mwini wake. Munthu ndiye amatsegula lipotilo n'kuona pamene pafanana.

Ndiye kalasirepu angayankhe kuti pepala likulanga munthu wopezeka atakopera osatchula mwini wake, silikulanga nambala, ndipo silikutchula malire. Angathe kumulangiza kuti atsegule lipotilo, ayang'ane malo alionse ojambulidwa utoto, aone ngati pa malo amenewo anaika zizindikiro zogwira mawu ndi dzina la wolemba. Chimene sayenera kunena ndi chakuti "uli bwinobwino." Iye sanaone ntchitoyo ndipo si iye woweruza.

Mafunso ena a kukopera ndi ovuta chifukwa amakhala m'mphepete mwenimweni mwa mawu. Wina anabwereketsa mnzake fulashi kuti angoona kalembedwe, mnzakeyo n'kukopera masamba awiri. Kodi wobwereketsayo nayenso alandira ziro? Ndimeyo ikunena za wokopera, za wobwereketsa sikunena kanthu. Koma sukulu zambiri zili ndi mlandu wina wothandizana kubera m'malamulo awo akuluakulu, kotero kumuuza kuti "iwe sizikukukhudza" n'kumuika pangozi. Winanso akubwereza kosi ndipo waperekanso ntchito yake yomwe ya chaka chatha. Ndimeyo ikuti ntchito ya wina, ndipo iyi ndi yake. Woyankha anene zimenezo mosabisa, kuti mawu a pepala sakufika pa nkhani yake, kenako awonjezere kuti malo ambiri amaletsa kupereka ntchito imodzi kawiri, ndiye afunse lekichala asanapereke, osati atapereka kale. Mawu achiwiriwa ndi chenjezo lochokera pa zimene woyankhayo akudziwa, ndipo ayenera kuwatchula choncho kuti womvera asawasokoneze ndi lamulo.

Luso lalikulu lili pamenepa. Palibe choletsa woyankha kukhala ndi maganizo, kapena kunena zimene anaonapo zikuchitika. Chofunika n'chakuti womvera adziwe nthawi iliyonse kuti tsopano akumva pepala, tsopano akumva munthu. "Pepala likuti" ndi "ine ndikanakhala inu" ndi ziganizo ziwiri zosiyana, ndipo zisalumikizidwe mu mpweya umodzi.

Za komiti yosungitsa mwambo ndinene mwachidule. Ziro ndi wotsimikizika kwa wopezeka wolakwa, koma kupita ku komiti pepala likuti kungathe kuchitika. Silikunena amene amasankha, ndipo silikunena chilango cha komitiyo. Wofunsa kuti "kodi andichotsa sukulu?" asauzidwe inde, asauzidwenso ayi. Auzidwe kuti chilango chimene chalembedwa apa ndi ziro, ndipo zina zonse zili m'malamulo a komitiyo, amene ali ndi ufulu wowapempha n'kuwawerenga asanakaonekere.

Ndime ya apilo ndi imene kungoganizira kumapweteka kwambiri, chifukwa ili ndi nthawi, ndipo nthawi ikadutsa palibe chobweza. Tinene kuti malikisi anaoneka pa Moodle Lolemba madzulo, koma pa bolodi ya dipatimenti anakhomedwa Lachitatu. Pepala likuti masiku 7 malikisi atatuluka. Atuluka liti, Lolemba kapena Lachitatu? Masikuwo ndi a ntchito kapena a pa kalendala? Ngati pakati pagwa tchuthi cha boma, monga cha pa 3 Malichi kapena cha pa 15 Okutobala, chikuwerengedwa? Pepala silinayankhe limodzi mwa mafunso atatuwa.

Apa woyankha sangangonena kuti kafunseni n'kulekera pomwepo, chifukwa lekichala angathe kuyankha patatha sabata, nthawi itatha kale. Chochita ndi kuwerenga mwa njira yothinitsitsa kuposa zonse, n'kumuuza wophunzirayo kuti achite mogwirizana ndi imeneyo pamene akudikira yankho. Njira yothinitsitsa ndi kuyambira Lolemba lomwelo ngati tsiku loyamba ndi kuwerenga masiku onse, ndiye lachisanu ndi chiwiri likugwa Lamulungu, ofesi ili yotseka. Choncho kalata ifike Lachisanu la sabata yomweyo, ofesi isanatseke. Woyankha sakunena kuti lamulo limatanthauza Lachisanu. Akunena kuti kalata yofika Lachisanu ili m'kati mwa nthawi pa kuwerenga kulikonse, pamene yofika Lachitatu lotsatira ili m'kati pa kuwerenga kwina ndi kunja pa kuwerenga kwina.

Ndimeyo yanenanso zinthu ziwiri momveka, ndipo ziwirizi ndi zimene anthu amaziphonya chifukwa cha ulemu. Yati alembere, ndipo yati mkulu wa dipatimenti. Wophunzira wolemekeza akulu amaona kuti kulumpha lekichala wake n'kulembera bwana wawo ndi mwano, choncho amayamba wapita kukadandaula pakamwa. Lekichala amamulandira bwino n'kumuuza kuti, "Ndiona, mubwere sabata yamawa." Sabata yamawa ikafika, masiku 7 atha, ndipo m'faelo mulibe kalikonse kosonyeza kuti anadandaula. Kucheza ndi lekichala n'kwabwino, ndipo nthawi zambiri cholakwika chongowonkhetsa malikisi chimathera pomwepo. Koma pepala silinanene kuti kuchezako kumaimitsa masiku. Woyankha amuuze kuti achite zonse ziwiri: akaonane nawo mwaulemu, ndipo kalata ipitebe m'nthawi yake. Kalatayo ikhale ndi deti, nambala yake ya pasukulu, dzina la kosi, malikisi amene akudandaula ndi chifukwa chake. Asunge kope limene mlembi wadindapo chidindo cha tsiku lolandirira, kapena imelo yoonetsa nthawi imene inatumizidwa.

Pali funso limodzi limene ngakhale odziwa amapunthwa nalo. Wopatsidwa ziro chifukwa cha kukopera, kodi apilo yake imadutsa pa ndime yachitatu yomweyi? Ndimeyo ikunena za wosakhutira ndi malikisi, ndipo ziro ndi malikisi. Koma ziro ameneyu ndi chilango chotsatira chigamulo, ndipo m'sukulu zambiri apilo ya chilango ili ndi njira yake, ofesi yake ndi masiku ake. Pepala lathu silinasiyanitse. Njira yosataya kanthu ndi kulembera mkulu wa dipatimenti m'masiku 7 omwewo, ndipo m'kalata momwemo kupempha kuti ngati nkhaniyi ili ndi njira ina, amudziwitse polemba njirayo ndi nthawi yake. Wofunsa ngati malikisi angatsike pambuyo pa apilo, kapena ngati pali ndalama yolipira kuti ntchito ichongedwenso, auzidwe chimodzimodzi kuti pepala ili silinakhudze zimenezo, ndipo afunse ku ofesi ya rejisitirala asanapereke ndalama kwa wina aliyense.

Kupempha mayankho olembedwa si kuvuta. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapereka kwa munthu aliyense ufulu woti zigamulo za maofesi zomukhudza zichitike motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndiponso ufulu wopatsidwa zifukwa zake polemba. Wophunzira wa ku yunivesite ya boma amene wapatsidwa ziro angathe kupempha mwaulemu kuti amulembere chifukwa chake ndi kumuonetsa malo amene akuti anakopera. Komabe kalasirepu kapena mlembi asasanduke loya n'kuyamba kulonjeza kuti kukhoti akapambana. Kumenekonso n'kupitirira pamene pepala lathera.

Amene amayankha mafunso ameneŵa tsiku ndi tsiku ali ndi mwayi umodzi umene wolemba malamulo alibe, woona pamene pepala likudontha. Funso la wikendi likabwera kachitatu, mphunzitsi wothandizira alembe mipata yonse pa tsamba limodzi: masiku a ntchito kapena a kalendala, peresenti ya chiyani, maliro, wobwereketsa ntchito, tsiku loyambira kuwerenga apilo. Apereke tsambalo kwa lekichala n'kupempha kuti yankho lituluke kamodzi kwa kalasi yonse, lolembedwa, lokhala ndi deti, pa Moodle kapena pa bolodi. Yankho lonong'onezedwa kwa munthu mmodzi mu ofesi limachititsa kuti ophunzira awiri ochedwa mofanana apeze wina 57 wina 45. Lekichala akalilemba poyera, kalasirepu amakhala ndi mzere watsopano woti alozepo chala, ndipo semesita yotsatira mzerewo ulowe mu autilaini momwemo.